Kalata Yoperekera Masikimu, Yopemphanso Choko

Kwa Aphunzitsi Aakulu,

Bambo,

Mwaulemu ndikupereka masikimu ndi mapulani a maphunziro a Sitandade 7B a temu yachiwiri. Ndawakuta ndi pepala la thumba la simenti, chonde musayikepo kapu ya tiyi ngati chaka chatha.

Mukatsegula mupeza kuti danga la zipangizo ndalidzaza bwino: mapu, gulobu, matchati, rula ya pabolodi. Ndatero poopa bolopeni yofiira ya alangizi athu a m'zoni. Koma inu ndi ine tikudziwa kuti katundu yenseyu amakhala m'masikimu mokhamo.

Ndiyambe ndi mapu a Afirika. Amene tili nawo akadali ndi dziko la Zaire, dzina limene eni ake adalisiya mu 1997, ndipo Sudan akadali mmodzi ngakhale adagawikana mu 2011. Malirewo ndidajambula ndekha ndi bolopeni, dzanja likunjenjemera, moti ndikuganiza kuti Ethiopia ndamulanda malo. Pamene panali Madagascar chiswe chidadyapo kale. Mwana akadzalakwa funso limeneli pa mayeso a Sitandade 8, makolo adzafika pakhomo panga, osati pa chiswe.

Za choko ndilankhula motsitsa mawu. Ndikuyamikira buku losayinira limene mudakhazikitsa, komanso kiyi wa kabati amene mumayenda naye m'thumba ngakhale popita kumaliro. Kungoti choko chimodzi sichifika Lachitatu pa bolodi wotuwa chonchija. Makala osinja tawapaka mpaka ana a kutsogolo akumaweruka ngati ochokera ku uvuni.

Mwina muyankha kuti tigwiritse ntchito Talula, zipangizo zopezeka pafupi. Ndayesa, Bambo. Madzulo ndimatola zitsekerero za mabotolo pa botolositolo ya pamsika kuti ndiphunzitsire masamu a kuyerekeza. Phunziro lidayenda ndithu: ana adawerenga okha kuti pa zitsekerero zinayi zilizonse, zitatu n'zamowa, ndipo adakanena kunyumba. Pano amayi a kutchalitchi akundipempherera mokweza. Inu mukhoza kundichitira umboni kuti ndimangotola, popeza Lachisanu lija mudandiona muli pakona paja, pomwe ndikhulupirira kuti nanunso mumafufuza zipangizo.

Choncho ndalama zotukulira sukulu zikafika, mundikumbukireko ndi mapu atsopano, mabokosi awiri a choko, penti wakuda wa bolodi, mapepala a manila khumi ndi zolembera zake. Manila amene adabwera temu yatha ndidawaona pa ukwati wa mlamu wanu, atalembedwa mokongola kuti "Akuchimuna" ndi "Akuchikazi", ndiye sindikukayika kuti ndi olimba. Rula ya mita imodzi ija a komiti adabwereka poyezera maziko a chimbudzi. Chimbudzicho chidatha, chidadzaza, rula sinabwerebe.

Mundiperekere moni kwa mayi kunyumba.

Ine wanu pa ntchito,
Mphunzitsi wa Sitandade 7B