Walira Mvula Walira Matope: Kalata ya Wogula Nandolo kwa Aphunzitsi a Masamu

Kwa zaka zambiri, pamsonkhano uliwonse wa makolo ndi aphunzitsi m'chigwa cha Phalombe, ahedi akaimirira nyimbo yawo inali imodzi: makolo muziona makope a ana anu. Makolo ankawomba m'manja, n'kubwerera kumunda. Kopelo linkangoonedwa likanyowa kapena likadyedwa ndi mbuzi.

Kenaka kunabwera foni yojambula. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa korona, aphunzitsi ndi makolo omwe anali ndi mafoni otere anazolowera kutumizirana ntchito pa WhatsApp, ndipo sukulu zitatsegulidwa chizolowezicho sichinachoke. Lero makolo ena akuonadi makope, ndiponso akuwajambula n'kutumiza chithunzi usiku aphunzitsi akudya nsima. Akale anati walira mvula walira matope. Mvula imene ahedi ankalira yagwa, ndipo amene akuponda matope ake ndi aphunzitsi a masamu.

Tiyerekeze bambo wina wa cha ku Migowi, yemwe nyengo yokolola amakhala pansi pa mtengo ndi sikelo yake kugula nandolo. Mwana wake wamkazi ali mu Sitandade 6. Funso la homuweki linali m'Chingerezi, poti kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'chilankhulo chimenecho, koma tanthauzo lake ndi ili: makilogalamu 8 a nandolo agulidwa pa K9,600, nanga makilogalamu 14 agulidwa ndalama zingati? Kope linabwerera kunyumba lili ndi chongi pa yankho, koma malikisi 2 okha pa 5. Bamboyo anajambula tsambalo, naona kuti nkhani yotere siyotumiza ndi mawu apafoni ngati akuitanitsa kabaza. Anang'amba pepala pakati pa kope la mwana yemweyo n'kulemba kalata.

"Okondeka aphunzitsi," inayamba motero. "Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apabanja. Ine ndine bambo wake wa mwana wanu amene chithunzi cha kope lake ndakutumizirani dzulo. Sindikudzudzula ntchito yanu ayi, ndingofuna kuphunzira nawo. Samuyi tinapanga limodzi, ine ndikunena iye akulemba. Tinati makilo 8 ndi K9,600. Theka lake, makilo 4, ndi K4,800. Theka la thekalo, makilo 2, ndi K2,400. Tsono 8 kuphatikiza 4 kuphatikiza 2 ndi 14 ndendende, choncho tinaphatikiza ndalama zitatuzo n'kupeza K16,800. Ndaona kuti yankholi mwalichonga. Funso langa ndi lakuti malikisi atatu enawo agwera pati? Chifukwa ine pasikelo, munthu akabweretsa makilo 5 ndimalipira 5, sindilipira 2."

Pansi pake anawonjezerapo mzere wina: "Komanso mtengo wa m'funsomu muuonenso, chifukwa nandolo sakhala pamtengo umodzi." Apa bamboyo ankanena zimene akuzidziwa. Aliyense wolima nandolo m'chigawo cha kummwera akukumbuka 2017, pamene dziko la India, lomwe limagula wambiri, linachepetsa nandolo wolowa m'dzikolo ndipo mtengo kuno unagwa chagada. Koma masamu a Sitandade 6 sadziwa za India.

Choyamba kunena n'chakuti njira ya bamboyo ilibe vuto. Mtengo ukamayenda limodzi ndi kulemera, theka la katundu limakhala theka la ndalama, ndipo zidutswa ukaziphatikiza ndalama zake nazonso umaphatikiza. Amayi ogulitsa mpunga ndi anyamata opikula matemba a ku nyanja ya Chilwa amawerengera chimodzimodzi, m'mutu, kasitomala ali chiimire, ndipo salakwitsa kawirikawiri chifukwa wolakwitsa amagona ndi njala. Njira ya m'kalasi ndi ina. Umayamba wapeza mtengo wa kilogalamu imodzi pogawa 9,600 ndi 8, n'kupeza 1,200, kenaka n'kuchulukitsa 1,200 ndi 14. Yankho ndi lomwelo, K16,800. Mphunzitsi amene angathethe njira yoyambayo pa chifukwa chokhacho chakuti sanaiphunzitse iyeyo walakwira mwana, ndipo aphunzitsi otere alipo.

Koma kalata ndi chithunzi sizinkanena zofanana. Kalata inafotokoza zimene zinali m'mutu mwa bambo. Chithunzi chinaonetsa zimene mwana analemba, zomwe zinali mzere umodzi wokha:

`9600 = 4800 = 2400 = 16800`

Mwanayo anamva bambo ake akutchula nambala motsatizana, ndiye pakati pa nambala iliyonse anaikapo timizere tiwiri tija. Ana ambiri amaganiza kuti chizindikiro cha = chimatanthauza "kenaka", kapena "yankho likubwera". Chimatanthauza kuti cha kumanzere ndi cha kumanja n'zolingana. Ndiye m'kope la mwana wa wogula nandolo munalembedwa poyera kuti K9,600 ndi chimodzimodzi K2,400. Bamboyo atauzidwa zimenezo ndi venda mnzake pa msika wa Migowi, bwenzi nkhani itathera kwa amfumu.

Malikisi anagwera pamenepo. Pa funso lotere mphunzitsi amagawa malikisi asanayambe kuchonga: ena a njira, ena a kuwerengera kolondola, ena a yankho lomaliza. Wathuyu anaika 3 pa masitepe ndi 2 pa yankho. Mumzerewu mulibe liwu lonena kuti 4800 ndi mtengo wa makilo 4, mulibe chizindikiro chophatikiza, mulibe chosonyeza kuti 14 anagawidwa kukhala 8, 4 ndi 2. Ngakhale K wa kwacha palibe, ndipo kunena zoona aphunzitsiwo anachita chifundo kupereka malikisi onse a yankho pa 16800 wosadziwika ngati ndi ndalama, makilo kapena nkhuku.

Wina angati mphunzitsi wanzeru akanazindikira yekha njirayo. Mwina. Koma tione kumene amachongera. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, pamene ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, makalasi sanapumepo. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma kumidzi kalasi lopitirira pamenepo silidabwitsa aliyense. Makope 90, lililonse mphindi imodzi yokha, ndi ola limodzi ndi theka, ndipo amenewo ndi masamu okha. M'mphindi imodziyo palibe nthawi yolosera zimene bambo wa mwana ankaganiza. Chinanso, mphunzitsi akaona yankho lolondola lopanda njira amadziwa kuti likhoza kuchokera kwina kulikonse: kwa mnzake wa pabenchi, kwa achimwene a ku sekondale, kapena pa foni yomweyo yojambulira, poti nayo imawerengera. Ndipo ochonga mayeso a MANEB, akamanena kuti njira ionetsedwe, salandira kalata ya bambo wa munthu.

Chithunzicho nachonso chinali ndi mlandu wake. Chinajambulidwa usiku ndi kuwala kwa tochi, kope lili pabondo, chala chachikulu cha bambo chitaphimba ngodya ya tsamba. Masamu enieni, aja a theka ndi theka la theka, anachitikira pa katoni yomwe bamboyo amalembapo ngongole za alimi, ndipo katoniyo sinajambulidwe. Izi zimachitika kawirikawiri: kholo limajambula tsamba loyera bwino pofuna kuonetsa ukhondo, n'kusiya pepala lodetsedwa lomwe muli umboni wonse. Aphunzitsi amasowa lodetsedwalo.

Tsono matope amenewa ngoipa? Kalatayi inachita chinthu chomwe kope silikanachita. Inauza mphunzitsi kuti samuyi sinapangidwe ndi mwana yekha, zomwe makolo ambiri amabisa ngati ndi ufiti. Inamuuza njira yeniyeni, nambala ndi nambala, moti anatha kuona kuti vuto la mwanayu si kuwerengera koma kalembedwe. Ndipo inafunsa funso loyankhika: malikisi atatu agwera pati? Kalata yonena kuti "mwana wanga mumamuda" ilibe poyambira kuyankha. Iyi inali napo, ngakhale inadyera aphunzitsi nthawi yawo yopuma.

Yankho linabwera kuseri kwa pepala lomwelo, ndi cholembera chofiira. "Zikomo bambo. Njira yanu ndi yolondola, koma ili m'kalata mwanu, m'kope mulibe. Mwanayu alembe chonchi ndipo ndimubwezera malikisi ake." Pansi pake panali mizere inayi:

```
8 kg : K9,600
4 kg : K4,800
2 kg : K2,400
14 kg : K9,600 + K4,800 + K2,400 = K16,800
```

Kenaka aphunzitsiwo anatchera kamsampha: "Muyesereko iyi ndi njira yomweyo. Makilo 7 ndi K9,100. Nanga makilo 10?"

Apa njira ya theka imayamba kutsimphina. Theka la 7 ndi 3.5, ndipo 7 kuphatikiza 3.5 wapitirira kale 10. Funso loyamba lija linakomera bamboyo mwamwayi, chifukwa 14 amapangika bwino ndi 8, 4 ndi 2. Pa 7 ndi 10 palibe kuchitira mwina koma kupeza mtengo wa kilo imodzi: 9,100 kugawa ndi 7 ndi 1,300, ndipo makilo 10 ndi K13,000. N'chifukwa chake sukulu imaumirira njira ya chimodzi: imagwira pa nambala zilizonse. Choseketsa n'chakuti bamboyo amaidziwa kuposa wina aliyense, pakuti mawu oyamba amene mlimi amamufunsa akafika pasikelo ndi akuti "pa kilo mukugula bwanji?" Anangoiwala kuti zimenezo nazonso ndi masamu a m'buku.

Sabata yotsatira homuweki inasintha nkhope. Anthu 4 apalira munda m'masiku 6. Nanga anthu 8 apalira masiku angati? Mwana, atalimba mtima ndi njira ya kunyumba, anati 8 ndi 4 kawiri, choncho masiku ndi 12. Apa zinthu zimayenda mosemphana: anthu akachuluka masiku amachepa. Ntchito yonse ndi 4 kuchulukitsa ndi 6, kutanthauza masiku 24 a munthu mmodzi, ndipo 24 kugawa ndi 8 ndi masiku 3. Njira yodziwira kuti 12 ndi wolakwika siyofuna cholembera: palibe amene amawonjezera aganyu kuti ntchito ichedwe.

Bamboyo anakonza yankho la mwana, mizere yonse inalembedwa bwino, katoni nayo inajambulidwa masana dzuwa likuwala. Malikisi anabwera 5 pa 5. Komabe kalata yachiwiri inapita. "Aphunzitsi, tapeza 3 monga buku likufunira, ndipo sindikutsutsa. Koma ndinalembapo aganyu 8 m'munda mwanga kunsi kwa Michesi. Awiri ankacheza, mmodzi anapita kumaliro, wina khasu linaguluka. Anatha masiku 5. Kodi mwana akalemba 5 ndi kufotokoza zifukwa zake, mungam'patse angati?"