Randi zanga 120,000 zikadali m'kope

Januwale uno ine wopaka penti wa ku Sunnyside ndalumbira kuti chaka chino ndipata R120,000. Lendi, ufa, malata a nyumba ya ku Ntcheu, zonse zikwanira momwemo. Ndinagawa ndi miyezi 12, ndinapeza R10,000 pamwezi, ndipo ndinadzigulira nkhuku ya chikondwerero.

Mlamu wanga, wowotcherera zitsulo ku Mamelodi, anadya nawo nkhukuyo kenako n'kulanda cholembera.

"Alamu, miyezi 12 mwaitenga kuti?"

Pakati pa Disembala ntchito zomanga zimatsekedwa muno mu Joni, mabwana athawira kunyanja. Januwale ndalama zawo zathera yunifolomu ya ana. Muonjezepo ulendo wakumudzi ndi mvula yamasana ija imene imatsuka khoma lopakapaka. Miyezi yogwira ntchito yatsala 10, choncho ndi R12,000 pamwezi.

Ndinati palibe vuto, nyumba imodzi ndimatchaja R9,000. Mlamu anachotsapo R3,000 ya penti, R1,500 ya mnyamata wondigwirira makwerero ndi R500 ya thiransipoti. Yanga ndi R4,000. Ndiye pakufunika nyumba zitatu mwezi uliwonse.

Apa m'pamene nkhuku inayamba kundivuta m'mimba. Nyumba siibwera yokha, imayamba ndi koteshoni. Tinayang'ana mu foni: pa anthu asanu amene ndawalembera mtengo, amavomera ndi mmodzi. Awiri amati aganize kaye, ndipo akuganizabe mpaka lero. Wina amatenga pepala langa kukaopsezera wopaka mnzanga kuti atsitse. Wotsalayo amafuna ndipake nyumba yosanja pa mtengo wa khola la nkhunda. Kuti ndipeze nyumba zitatu ndiyenera kulemba makoteshoni 15 pamwezi, pafupifupi anayi pasabata. Iliyonse imafuna ndikwere takisi mpaka ku Centurion kapena ku Garsfontein, ndiyeze makoma, ndimwetulire galu wa eni ake. Chonsecho nyumba imodzi imadya sabata yathunthu, ndiye masabata atatu ndili pamwamba pa makwerero. Kuyeza kwatsalira Loweruka, tsiku la mpira.

Mlamu akuti ndisiye kuwerenga ndalama, ndiziwerenga makoteshoni Lachisanu lililonse. Akapanda kufika anayi, njala ili m'njira, ifika mwezi wamawa, poti kasitomala wovomera lero amalipira ntchito ikatha, enanso mpaka kutha kwa mwezi. Akutinso ndiyambe ndi amene ndinawapakira kale, chifukwa iwowo sakuyesa ngati wakuba. Akamavomera mmodzi pa awiri, makoteshoni sikisi akwana. Vuto n'lakuti ndimapaka bwino kwambiri, moti makoma awo sakusuwa.

Sabata ino ndalemba koteshoni imodzi, ya mlamu yemweyo, ndipo akuti aganize kaye. Inu amene khoma lanu layamba kusuwa pakati pa Arcadia ndi Menlyn, ndiitaneni Loweruka m'mawa. Dipoziti ndi theka.