Bwalo la Abale Litanthauzira Zolemba za Adokotala

M'tauni muno munthu akatuluka m'chipatala atauzidwa kuti mankhwala ena akagule kufamase, sayamba wapita kufamaseko. Amayamba wajambula tsamba la buku lake lakuchipatala n'kuliponya pagulu la abale la pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti, "Abale, apa alembapo chiyani?" Pasanathe mphindi khumi bwalo ladzaza. Amalume amene anagwirapo ntchito ya ulonda pachipatala cha boma akuti ndi mankhwala a malungo. Azakhali a ku Joni akuti awawa ndi omwe aja anachiza apongozi awo. Mphwawo wa amalume aja, wa Fomu 4, akuti, "Pepani amalume, koma chikuoneka ngati dzina la adokotalawo." Onse n'kugwirizana pa mfundo imodzi yokha, yoti madokotala amalemba moipa dala kuti tisadziwe zinsinsi zawo. Ine ndikuti mlandu waukulu uli ndi chithunzicho, chifukwa chimadula zinthu zomwe zikanathandiza kuwerenga, n'kusiya chokhacho chimene sichiwerengeka.

Tiyambe ndi kuvomereza kuti pepalalo sanalembere inu. Ndi uthenga wa anthu awiri antchito imodzi, wolemba mankhwala ndi wopereka mankhwala, monga mmene kondakitala amamenyera chitseko cha minibasi dalaivala n'kumva kuti aime, okwera ena osadziwa kuti kwayankhulidwa. Wolembayo ali ndi mzere wa odwala wofika pakhonde, ndipo dzina ngati amokisisilini walilemba kambirimbiri kuchokera m'mawa. Dzanja limalemba zilembo zitatu zoyambirira, zotsalazo n'kungokoka kamzera kamafunde. Wakufamase amawerenga chifukwa akudziwa mankhwala amene amalembedwa kawirikawiri, mlingo wa aliyense, komanso dzanja la wolembayo. Kwenikweni amazindikira ndi maso ozolowera, sachita kuwerenga chilembo chimodzichimodzi.

Tsono pa vutoli onjezanipo luso lathu lojambula. Bukulo laikidwa pa chitenje cha maluwa, usiku, magetsi atazima, kuwala kwa foni kukunyezimira pakati penipeni pa tsamba. Chala chachikulu chapsinja pepala kuti lisatsekeke, ndipo chakhala ndendende pa manambala. Foni yapendekeka, kotero mizere yakumunsi ndi yonenepa, yakumtunda yowonda, ndipo inki ya kuseri kwa tsamba ikuonekera. Kenako WhatsApp imachepetsa chithunzicho kuti chisadye bando, wina n'kuchijambulanso pa sikirini yake n'kutumiza kwina. Zoyamba kufa pa ulendowu ndi tinthu ting'onoting'ono, ndipo timeneti ndi toopsa kwambiri. Kadontho ka pa 2.5 kakafufutika, patsala 25, mlingo wochuluka kakhumi. Kamchira kosiyanitsa qds, kanayi pa tsiku, ndi od, kamodzi pa tsiku, kakasowa, zilembo zoyambirira zimafanana. Chilembo U chimene ena amalemba pambuyo pa mlingo wa insulini chimasanduka ziro, 4U n'kuoneka ngati 40.

Chomwe bwalo la abale silidziwa n'chakuti dzina la mankhwala limawerengedwa pomalizira. Mzere uliwonse uli ndi ndondomeko yake: dzina, mlingo, kangati pa tsiku, kwa masiku angati. Wodziwa amayambira kumanja, kumene kuli manambala, chifukwa manambala savuta ngati mawu. Zidule zake n'zochepa: bd ndi kawiri pa tsiku, tds katatu, nocte usiku pogona, prn pokhapokha pakafunika, stat kamodzi pompopompo. Akalemba 5/7 akutanthauza masiku asanu, pakuti 7 akuimira masiku a pasabata. 2/52 ndi masabata awiri. 1/12 ndi mwezi umodzi. Amalume akaona 5/7 n'kulengeza kuti odwala abwererenso pa 5 Julaye, muwathokoze mwaulemu, koma musalembe pakalendala.

Tiyese ndi mzere umodzi. Pachithunzi pakuoneka Met, kenako mafunde. Mankhwala awiri odziwika amayamba chotero: metironidazo, amene ambiri amati fulajilu, wa tizilombo tina ta m'mimba ndi matenda ena opatsirana, ndi metifomini, wa shuga. Ngati kumanja kwalembedwa 400mg tds 7/7, zonse zikuloza kwa fulajilu, chifukwa 400 ndi mlingo wake wozolowereka ndipo amamwedwa masiku owerengeka basi. Ngati pali 500mg bd 1/12, tikupendekera kwa metifomini, amene amabwera wa 500 kapena 850 ndipo munthu amamwa mwezi ndi mwezi. Kwezani maso pamwamba pa tsamba, pamene wolemba anaika madandaulo a wodwala ndi matenda amene wapeza. Mukaona DM, chidule cha matenda a shuga, ndi nambala ya shuga wam'magazi, nkhani yatsala pang'ono kutha. Tsegulani masamba akumbuyo: ngati mafunde omwewo akubwera mwezi uliwonse, ndi mankhwala a matenda okhalitsa. Ngakhale kapepala ka mapiritsi kamachitira umboni. Fulajilu wa 200mg, awiri katatu pa tsiku kwa sabata, ndi mapiritsi 42. Taonani tsono kuti umboni wonsewu uli kumanja, pamwamba ndi kumbuyo, malo omwe wojambula anawadula poyandikitsa foni pa liwu limodzi lija kuti "lioneke bwino."

Wina anena kuti mutu umodzi susenza denga, ndiye kulakwa n'kotani anthu makumi awiri akathandizana? Mwambiwo ndi woona pa denga, pomwe aliyense amawonjezera mphamvu. Pa pepalali aliyense amawonjezera matenda ake. Wa shuga amaona metifomini, amene anatsegulapo m'mimba amaona fulajilu, ndipo amapambana ndi amene akulemba ndi zilembo zazikulu kapena amene amatumiza ndalama kumudzi. Wina anenanso kuti, popeza mwatiphunzitsa zizindikiro, bwanji tizingodziwerengera n'kukagula pa okala? Zizindikiro zimachepetsa zokayikitsa, sizigamula. Fulajilu wa 500mg aliponso, kotero mlingo pawokha ukhoza kunamiza. Pali mayina ena amapasa, monga kabamazepini wa khunyu ndi kabimazo wa chithokomiro, amene amasokoneza ngakhale ophunzira. Ku Texas mu 1999 khoti linalamula chipukuta misozi cha madola 450,000 pa imfa ya munthu amene anapatsidwa Plendil m'malo mwa Isordil, ndipo amene anawerenga molakwayo anali wafamase weniweni atagwira pepala lenilenilo m'manja. Nanga azakhali a ku Joni, ndi foni yosweka galasi?

Otsutsa ali ndi mfundo imodzi yolimba: wolemba alibe chifukwa chobisalira kumbuyo kwa mzere wa odwala. Dzina la mankhwala kulilemba m'zilembo zazikulu, kuika ziro patsogolo pa kadontho kuti pakhale 0.5, ndi kusalemba 5.0 pamene 5 akukwanira, sizidya nthawi. Koma ifenso tili ndi khalidwe lathu. M'chipinda cha adokotala timangoti "chabwino, adokotala" ku chilichonse, manja pamaondo, kuopa kuoneka osaphunzira, kenako n'kukafunsa anthu makumi awiri amene sanaliko. Safunsa anadya phula. Funso loti, "Pepani, mankhwalawa dzina lake n'chiyani, ndipo ndizimwa bwanji?" ndi laulere ndipo silifuna bando. Ngati kujambula n'kosapeweka, jambulani masana, tsamba lonse litayalidwa patebulo, foni ili pamwamba mowongoka, mutumize ngati Document kuti chisachepetsedwe, ndipo mutumizire wafamase kapena namwino mmodzi, amene akakayika adzaimbira wolembayo. Gulu la abale lisiyireni ntchito imene limaidziwa bwino, yotsutsana za amene sanasonkhe ndalama ya mankhwalawo.