Amalume, Mabawutiwa Simukuwamanga Bwanji?

"Amalume, nsanjayi ili ndi miyendo inayi, yonse yachitsulo. Nanga zopingasazi n'zachiyaninso? Si kuwononga engo ayironi kumeneku?"

"Mphwanga, thanki ya malita 5,000 ikadzaza, madzi okha ndi makilogalamu 5,000. Mwendo uliwonse usenza 1,250, ndipo ndi wautali mamita 6. Mwendo wotere suyamba n'kuthyoka, umayamba n'kupindika pakati ngati bango. N'chifukwa chake tikuugwira ndi zitsulo zogona pa mita ndi theka iliyonse."

"Ndiye zogonazo zakwanatu."

"Takankha apa."

"Ii, yapendekeka yonse!"

"Koma palibe chitsulo chapindika, waona? Makona anayi amapendekeka, makona atatu amakana. Chigawo ichi ndi mamita 2 m'lifupi, mita ndi theka kukwera. Kuchoka pa bowo la pansi apa kufika la pamwamba tsidya ilo ndi mamita 2 ndi theka. Kuti chipendekeke, mtunda umenewo uyenera kutalika. Tikaikapo chitsulo, utalika bwanji?"

"Bwanji osangoika chimodzi? Inu mukuika ziwiri, mtanda."

"Chopingasa n'chopyapyala. Pochikoka chimalimba, pochikankha chimapinda. Kukawomba mwera chimagwira ichi, kukawomba mpoto chimagwira chinzakecho. Pamene zakumanapo timaikapo bawuti."

"Nanga mabawutiwa simukuwamanga bwanji? Mwangopotokola ndi zala, sipanala ili m'thumba. Mwatopa?"

"Bawuti ndi ya mamilimita 16, bowo lake ndi 18. Kampata ka mamilimita awiriko ndi kamene tiwongolere nsanja yonse. Zitsulo zikalowa zonse, uyeza ndi tepi kuchoka mwendo uwu kufika wa pakona iyo, kenako miyendo iwiri inayo. Zikasiyana ndiye kuti yapotoka. Ine ndikwera kukatsitsa chingwe chomangirira nati kunsonga, tione ngati mwendo uliwonse waima chilili. Tikakhutira ndi pamene sipanala ituluke, kuyambira chigawo cha pansi kumka m'mwamba."

"Munthu akamangiratu zimatani?"

"Amakafika pamwamba mabowo osakumana. Ena amatenga makina owotcherera n'kukuza bowo. Bawuti imalowa ndithu, koma imatsala ikusewera, ndipo chopingasacho sichigwira mpaka nsanja itapendekeka kale. Udzaizindikira nsanja yotero: mphepo ikawomba imalira kwekwe, ndipo pansi pa washa pamatsika mzere wa dzimbiri."

"Funso lomaliza, amalume. Chinthu cholemera chonchi chingathawe? Mwachimangiranji ku konkiriti?"

"Ikadzaza sipita kulikonse. Tsiku loti pampu yafa, thanki ili gwa, ndiye loopsa. Mphepo imapeza chithanki chachikulu chopepuka chili m'mwamba, n'kuyamba kunyamula miyendo iwiri ya mbali imene ikuchokera. Mabawuti a m'konkiritiwa ndi oletsa miyendo kuzuka. Thankinso timaimanga ku nsanja."

"Ndiye tiiwope kwambiri ikakhala yopanda madzi?"

"Pa mphepo, inde. Tandipatsira tepiyo, ugwire mbali iyo."