Talawa wagwira sowo

Akale adati talawa adatha mphika, ndipo tonse tidakula tikumva kuti mwambiwu umanena munthu wadyera. Ine ndimaona kuti tidamunamizira Talawa. Munthuyu sadali ndi njala ayi, adali ndi mantha. Ankaopa kuti alendo akanena kuti mchere wachepa, choncho adalawa, nathirako pang'ono, nalawanso, naona kuti wawawa, nathira madzi, nalawanso. Pofika nthawi yoti mchere wakwana bwinobwino, nkuti mumphika mutatsala chipande chokha.

Masiku ano mdzukulu wake ndi kalipentala pa Namadzi, m'mbali mwa msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Zomba. Timutche a Talawa omwewo. Luso ali nalo, moti ngakhale anyamata ochokera ku Nasawa Technical College atha kuima nkumaonerera mmene amagwirira pulena. Vuto nlakuti katundu wawo satuluka mushedi.

Mayi wina adaitanitsa tebulo lodyerapo la mlombwa, lotalika masentimita 75 monga matebulo ambiri amakhalira. Lidatha bwinobwino. A Talawa ataliimika pakhonde, adalikhudza ndi chala, ndipo lidati gwede! Munthu wina akadangoti zimachitika. Iwo adamva kale mawu a anthu amumsika: "Amene uja ndi mmisiri?" Adatenga sowo nkudulako theka la sentimita pa mwendo umene ankaukayikira. Tebulo lidagwederera mbali inayo. Adadulanso wina. Usiku tulo osabwera, m'mawa sowo m'manja. Sabata lisanathe lidafika pa masentimita 70, ndipo munthu akakhala pampando, maondo ankagunda thabwa lam'munsi.

Chimene mantha adawaiwalitsa nchodziwika kwa mmisiri aliyense. Chinthu cha miyendo itatu sichigwedera, ngakhale pansi patakhala mabampu, nchifukwa chake mafuwa amakhala atatu. Cha miyendo inayi chimafuna kuti pansi pakhale posalala, ndipo khonde la a Talawa lidapakidwa simenti ndi mlamu wawo wina amene levulo amangoimva m'mbiri. Kuyesa kwake nkosavuta. Ikani chizindikiro pa mwendo umene ukulendewera, kenako tembenuzani tebulolo pamalo omwewo kuti mwendo uliwonse ufike mbali imene kudali mnzake woyandikana nawo, kapena mukaliimike pena. Ngati mwendo womwewo ukulendewerabe, wolakwa ndi mwendo. Ngati kugwederako kwasamukira ku mwendo wina kapena kwatheratu, wolakwa ndi pansi, ndipo sowo abwerere pamsomali.

Ngakhale mwendo utakhala wolakwadi, sadula mongolawa. Amaimika tebulo pamalo osalala ndithu, nkupatira timatabwa mpaka litakhazikika, kenako nkugoneka pensulo pa kathabwa kopyapyala nkuzungulira nayo miyendo yonse inayi. Mizereyo imakhala pa msinkhu umodzi. Kudula ndi kamodzi basi. Palinso china: thabwa losauma bwino limapindika likamauma, ndiye mwendo umene mwaulinganiza lero ukhoza kudzakukanani mvula ikatha. Kulimbana ndi kamilimita pa thabwa loti likuyendabe nkudzitopetsa chabe.

Tisawaseke kwambiri a Talawa, pakuti abale awo ndi ambiri. Alipo mwana wa Folomu 4 amene amafufuta ndime yoyamba ya chimangirizo kanayi, mpaka woyang'anira mayeso a MSCE nkunena kuti zolembera pansi. Alipo bambo amene pa WhatsApp foni imangoonetsa kuti akulemba, akulemba, kwa theka la ola, kenako nkutumiza "Chabwino". Onsewa amadzitcha anthu osamala, koma kusamala kwenikweni kumakhala ndi muyeso woikiratu ntchito isanayambe: tebulo likhale lotalika chonchi, kapu ya tiyi isatayike munthu akatsamira. Zikakwana zimenezo, ntchito yatha. Mantha alibe muyeso, chifukwa amene akufuna kumusangalatsayo ndi munthu wam'maganizo, ndipo ameneyo sanakhutirepo ndi kanthu. Chizindikiro chake nchakuti mukukonza zimene mudakonza kale dzulo, ndipo mutafunsidwa ngati zakoma kuposa dzana simungayankhe.

Mayi uja adabwera mwezi utatha, atatopa ndi mawu akuti "mawa, mayi, kwangotsala pang'ono". Adapeza a Talawa akuchotsa vanishi ndi sandipepa chifukwa adaona kafumbi pakona imodzi, ndipo tebulo lidali litafika m'maondo.

"Bambo, limeneli ndi langa lija?"

"Ndi lomwelo, mayi. Lasiya kugwedera."

Mayiwo adaliyang'ana, nati alitenga likakhale la pabalaza, koma alipira mtengo wa tebulo la pabalaza. Adalimanga pa kabaza. A Talawa adathamangira njingayo mpaka pamsewu ali ndi sandipepa m'manja, akufuula kuti aime kaye pang'ono, pali pena pamene aonapo.