Owerenga Akazi Achuluka, Owerenga Ngongole Akusowa

Sabata ino anthu a ku Mangochi aiwala kudandaula za kukwera mtengo kwa usipa. Nkhani imene ili mkamwa, kuyambira pa depoti mpaka kutsidya kwa mlatho wa Shire, ndi ya bambo wina wogulitsa nsomba zouma amene wabwera kuchokera ku Joni ndi foni ziwiri, njinga yamoto, komanso maganizo okwatira mkazi wachiwiri. Dzina lake sititchula, poti aliyense akulidziwa kale. Mitala kuno si yachilendo, ndipo payokha sikanatha masiku awiri ikukambidwa. Chakometsa nkhaniyi ndi yankho la mkazi wamkulu. Akuti mayiyo sanalire, sanaswe mbale, sanathamangire kwa ankhoswe. Anangoti: "Abambo, kakwatireni ndithu, koma muyambe mwamaliza mahari anga."

Anyamata a kabaza ndiwo anayamba kuweruza mlanduwu, monga mwa nthawi zonse. Kwa iwo nkhaniyi ndi yosavuta: Chisilamu chimalola akazi anayi, bamboyu ali ndi mmodzi, ndiye kuti malo atatu akadali opanda munthu. Mmodzi wa iwo, amene sanakwatire n'komwe ndipo njinga yake ndi yobwereka, anali kuwerenga ndi zala mokweza ngati kuti akaziwo ali kale pamzere. Atafunsidwa kuti mahari n'chiyani, anati ndi ndalama ya shehe. Mnzake anamutsutsa nati ndi ndalama ya mpunga ndi mbuzi za pa ukwati. Wachitatu anati ndi lobola wa Asilamu. Onse atatu analakwa, koma analakwa molimba mtima.

Kumjigo amayi anaitenga nkhaniyi mwaluso kuposa pamenepo, chifukwa pakati pawo panali gogo wina amene wakhala akuphunzitsa atsikana ku madirasa. Iye anafotokoza kuti mahari ndi mphatso imene mwamuna ayenera kupereka kwa mkazi mwiniwakeyo pomanga nikaha. Siipita kwa bambo ake, siipita kwa malume, ndipo siigulira zakudya za alendo. Sura yachinayi ya Kurani, ya Nisai, pa ndime 4, imalamula kuti akazi apatsidwe mahari awo, ndipo mwamuna angadyeko pokhapokha mkaziyo atamugawira yekha mosakakamizidwa. Apa ndi pamene mahari amasiyanirana ndi lobola wa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, amene amalandiridwa ndi akuchikazi. Mayi wina atamva zimenezi anatula chidebe pansi nati: "Anganga, ndiye kuti malume anga ali ndi ngongole yanga kuyambira kalekale!" Kuseka kunamveka mpaka kuchigayo.

Funso lotsatira linali la mtengo. Gogoyo anati palibe mlingo wapamwamba woikika, ndipo m'chiphunzitso cha Imamu Shafii, chimene Asilamu ambiri a kuno amatsata, chilichonse chokhala ndi phindu chingakhale mahari: ndalama, mbuzi, makina osokera. Anakumbutsa za munthu wina wosauka amene Mtumiki Muhamadi anamuuza kuti akafune ngakhale mphete yachitsulo. Ataisowa, anamukwatitsa ndi sura za Kurani zimene anaziloweza, kuti aphunzitse mkazi wakeyo. Atsikana amene anali pamzere sanaikonde kwenikweni nkhani ya mpheteyo, koma anasangalala kumva kuti mahari osamukomera mkazi angathe kuwakana.

Tsono za mkazi wamkulu uja zili motere, malinga ndi amene akuti analipo tsiku la nikaha. Anagwirizana mahari a K300,000. Bamboyo anapereka K100,000 pamaso pa mboni, ndipo K200,000 yotsalayo anati adzamaliza akadzabwera ku Joni. Kugawa mahari chotere n'kololedwa: gawo lina pompopompo, lina pambuyo. Koma lotsalalo ndi ngongole yeniyeni, ndipo siifufutika chifukwa chakuti mwabereka ana kapena mwakalamba limodzi. Nthawi imene anagwirizana ikakwana, mkazi ali ndi ufulu woitanitsa. Mwamuna akamusiya, alipire. Akamwalira, ndalamayo imachotsedwa pa chuma chamasiye abale asanayambe kugawana. Akanakhala kuti anamusiya asanalowane, sura ya Bakara pa ndime 237 imati mkazi atenge theka, kutanthauza K150,000. Mpata woti mwamuna abwezeredwe umabwera makamaka pamene mkazi ndiye wapempha kuti ukwati uthe n'kuvomera kubweza mahariwo, monga anachitira mkazi wa Sabiti bini Kaisi amene anabweza munda wa zipatso. Bambo wathuyu wabwera ku Joni, nthawi yakwana, ndipo njinga yamoto aliyense waiona. N'chifukwa chake amayi kumjigo akuti mkazi wamkuluyo sanayankhe mwa nsanje, wayankha mwa masamu.

Pa bawo, pansi pa mtengo wa mango, madoda anali ndi nkhawa ina. Bamboyo akuti anafuna kumanga nikaha yachiwiriyo mwakachetechete, usiku, kwa mwalimu wina wakutali. Apa mkulu wina wa ndevu zoyera anaimitsa masewero n'kuwerenga zofunika. Pamafunika mkazi amene wavomera yekha. Pamafunika walii, ndiye kuti womuyimira, amene amayambira bambo ake omubereka, ndipo akasowa amatsatira agogo aamuna akuchimuna, kenaka alongo ake. Pamafunikanso mboni ziwiri, ndi mawu opereka ndi olandira onenedwa pamalo amodzi. Mawu akuti walii anadzutsa phokoso, chifukwa pa mwambo wa Chiyawo ndi Chichewa mwini mbumba ndi malume. Malume wina amene anali pomwepo anati: "Achimwene, mwana ndalera ine, chinamwali ndalipira ine, lero mukuti pa nikaha ayankhule mkamwini?" Anamutonthoza kuti unkhoswe wake palibe amene waulanda, koma pa nikaha dzanja limene shehe amafuna ndi la bambo wa mwana.

Lachisanu, anthu atatuluka mu mzikiti, nkhaniyi inafika kwa shehe pakhonde. Iye sanakane kuti akazi anayi ndi ololedwa. Anangoti anthu a kabaza amawerenga ndime 3 ya sura ya Nisai n'kulekeza pakati. Ndimeyo imayamba ndi nkhani ya ana amasiye, ndipo ambiri mwa omasulira amaigwirizanitsa ndi nthawi ya pambuyo pa nkhondo ya Uhudi ya mu 625, pamene amuna ambiri a Chisilamu anaphedwa n'kusiya akazi ndi ana. Ikatha kutchula awiri, atatu ndi anayi, imapitiriza kunena kuti woopa kulephera chilungamo akhale ndi mmodzi. Ndiponso anayiwo anabwera ngati malire: Gailani wa ku Taifu analowa Chisilamu ali ndi akazi khumi, ndipo anauzidwa kuti asunge anayi okha. Shehe anawonjeza kuti ndime 129 ya sura yomweyo imanena kuti kulinganiza akazi kotheratu munthu sangakuthe ngakhale atafunitsitsa. Akatswiri amati apa akunena za mtima, umene sulamulika. Koma zimene dzanja lingathe kuyeza, monga chakudya, zovala, nyumba ndi masiku ogona, pamenepo palibe chowiringula.

Za masiku ogonazo ndi zimene zinaseketsa anthu pa shopu ya telala. Mkazi watsopano akakhala namwali amapatsidwa masiku 7 otsatizana, akakhala kuti anakwatiwapo kale amapatsidwa 3. Akatha amenewo, kasinthasintha amayamba: usiku uno kuno, mawa uko. Mkazi akadwala, akakhala kumwezi kapena akakalamba, tsiku lake silichoka, chifukwa cholinga chake n'kukhala naye. Lingachoke pokhapokha mwiniwake atalipereka, monga Sauda anapereka lake kwa Aisha. Aliyense ayenera kukhala ndi pokhala pake, osati kuwaunjika m'chipinda chimodzi iwo asanavomere. Ngakhale ulendo uli ndi lamulo lake: Mtumiki ankachita maere kuti adziwe wopita naye. Telala anafunsa kuti: "Nanga bamboyu akabwerera ku Joni zaka zitatu, agawa bwanji?" Wina anayankha kuti agawa mayunitsi. Koma funsolo ndi lenileni, chifukwa kuno mwamuna kawirikawiri amakhala chikamwini kwa mkazi, ndipo akazi awiri ndiye kuti midzi iwiri, minda iwiri ndi madenga awiri ofolera mvula isanagwe.

Mphekesera ina, imene inatha msanga, inali yakuti mkazi wachiwiriyo ndi mng'ono wake wa mkazi wamkulu. Zikanakhala zoona, nikaha sikanatheka, chifukwa ndime 23 ya sura ya Nisai imaletsa kuphatikiza akazi apachibale, mkulu ndi mng'ono wake, ndipo Mtumiki analetsanso kuphatikiza mkazi ndi azakhali ake kapena mchemwali wa mayi ake. Zinapezeka kuti amangochokera mudzi umodzi.

Nanga chilolezo cha mkazi wamkulu? Apa amayi ndi abambo sanamvane. Mabuku akale a malamulo a Chisilamu sanaike chilolezocho pa zinthu zopangitsa nikaha kukhala yovomerezeka. Komabe mkazi angathe kuika mfundo pa tsiku la nikaha yakuti asadzamukwatirire mnzake, ngakhale mashehe amasiyana pa mphamvu ya mfundo yotere. Mphunzitsi wina wa sekondale, amene sasowa pa zokambirana ngati izi, anati mayiko a Chisilamu eni ake anamanga zingwe zina. Tunisiya inaletsa mitala mu 1956. Ku Pakisitani lamulo la mu 1961 limafuna kuti mwamuna ayambe wapeza chilolezo cha bwalo, ndipo ku Moroko kuyambira mu 2004 woweruza ndiye amaloleza, mkazi woyamba atadziwitsidwa. Kuno ku Malawi, lamulo la maukwati la mu 2015 limaletsa mitala kwa amene anamanga ukwati wa kwa DC, koma silinatseke khomo kwa a ukwati wachikhalidwe kapena wa chipembedzo chololeza mitala. Anyamata a kabaza anamva mbali yomalizayi yokha n'kuwomba m'manja.

Gogo wa ku madirasa uja ndiye anaponya mfundo imene inaziziritsa onse ofuna kukhala achiwiri. Mwamuna akamwalira atasiya ana, gawo la mkazi pa chuma chamasiye ndi limodzi mwa magawo 8, ndipo silikula akazi akachuluka. Ngati ngongole zonse zitachotsedwa patsala K8,000,000, akazi amalandira K1,000,000. Akakhala mmodzi ndi yake yonse, akakhala awiri aliyense K500,000, akakhala anayi K250,000.

Pamene tikulemba, akuti njinga yamoto ija yaikidwa pa malonda, ndipo tsiku la nikaha lasunthidwa. Ena akuti bamboyo walodzedwa, ena akuti wangowerengera bwino. Ife tikuti mkazi wamkulu sanalakwe kalikonse, wapempha chimene chipembedzo chake chinamupatsa. Inu abambo amene mukuwerengera zala pa kabaza, yambani mwafunsa kunyumba ngati mahari oyamba munamaliza.