Ine wosunga ndalama, bwenzi la anankafumbwe

Kumudzi kwathu amanditcha Bwana Bajeti, chifukwa ndine munthu woumira mochititsa manyazi. Anzanga akamadya kanyenya ine ndimameza malovu, n'kumati ndikusunga za mawa. Koma mayi a kunyumba, omwe amapita kumsika tsiku ndi tsiku, amati ndikungonenepetsa anankafumbwe. Thumba limaoneka lodzadza, koma ukapisa dzanja mwatsala gaga. Kukwera mitengo kwa zinthu kumadya chomwecho: manambala a m'buku la kubanki sasintha, chimene chimatha ndi mphamvu yogulira.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu okha ndiwo sanakwere mtengo. Mu 2024, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inkakwera ndi 30 peresenti n'kanthu pachaka. Tingoti 30. Ndiye tinene kuti ndasunga K500,000 kubanki yondipatsa chiwongoladzanja cha 5 peresenti. Chaka chikatha ndapata K25,000. Boma, lomwe silinandithandize kumeza malovu, likutengapo msonkho wa 20 peresenti, kunditsalira K20,000. Ndikutuluka m'banki monyang'wa ndi K520,000. Kufika kusitolo, katundu amene anali wa K400,000 chaka chatha ndiye wafika pa K520,000 yangayo. Ndalemera ndi K20,000, ndasauka ndi K100,000, ndipo palibe woti n'kukamusumira kupolisi.

Nanga wosunga azifuna phindu lotani pachaka? Funsani kaye mmene zinthu zikukwerera, nambala imene a National Statistical Office amalengeza mwezi uliwonse. Pa nambalayo onjezerani gawo limodzi mwa magawo anayi, kulipirira msonkho uja. Ikakhala 30, mufunika 37.5 peresenti kuti mungoima pomwe munali. Kuti chuma chikule ndithu, ikanipo ziwiri kapena zitatu, mufike cha m'ma 40. Chaka chimene mitengo ikukwera ndi 8 yokha, 10 ikukusungani ndipo 13 ndi phindu.

Nditafotokoza izi, mayi aja anafunsa kuti, "Nanga 40 yoteroyo ikupezeka kuti, bambo?" Ndinayamba kutsokomola. Mu 2024 momwemo, ngakhale kubwereketsa boma kwa chaka chathunthu kunkabweza pafupifupi 26 peresenti, msonkho usanachotsedwe. Apo ukuluzabe, koma pang'ono, ndipo m'chaka chovuta kuluza pang'ono ndiko kupambana. Banki mkhonde imabereka kuposa apo, malinga obwereka asasamuke usiku. Koma wina akakulonjezani 40 pamwezi, gwirani thumba, ameneyo sadikira n'komwe kuti chaka chithe.

Choncho tagwirizana kuti ndalama ya matenda ndi maliro ikhalebe kubanki, ya malata tigule malata lero, yotsalayo ipite kumene ikuthamangako. Ine ndapempha kuti pabajeti paoneke mzere wa kanyenya. Pempholo akuti alikambirana mitengo ikatsika.